Mayeso a Malichi ndi a Meyi agwera pa Idi: kalenda ya 2027 tiikonze bwanji?

Nambewe: Moni nonse. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya mayeso pa koleji ina kuno kum'mawa, ndipo andipatsa ntchito yokonza kalenda ya semesita yoyamba ya 2027 kuti komiti ikaione. Pepala lomwe labwera kuchokera kwa akuluakulu likuti mayeso a pakati pa semesita akhale pa 8 mpaka 12 Malichi, omaliza pa 10 mpaka 21 Meyi, ndipo msonkhano wa aphunzitsi onse uzichitika Lachisanu loyamba la mwezi nthawi ya 12 koloko masana. Mnzanga wachisilamu atangoliona wandiuza kuti mayeso onse awiri akhudza Idi, komanso msonkhanowo uli pa nthawi ya swala. Ophunzira athu ambiri ndi ochokera ku Mangochi, Machinga ndi Balaka. Tilinso ndi a Sabata ochuluka ndithu, Akatolika, a CCAP ndi a Mboni. Sindikufuna kumangozimitsa moto chaka ndi chaka. Amene munakonzapo kalenda yotere, munayambira pati?

a Jere: Mayi, pepani koma ine ndikuona ngati tikudzipatsa ntchito yosatha. Boma linaika kale matchuthi. Chilembwe, 3 Malichi, Pasaka, Kamuzu, Idi, Khirisimasi, zonse zilimo. Mukayamba kupereka tchuthi kwa mpingo uliwonse, semesita idzatha musanaphunzitse kanthu. Mipingo m'Malawi muno ndi yosawerengeka.

Nambewe: Ayi a Jere, sindikupempha matchuthi owonjezera. Makalasi azipitirira, maofesi azitsegulidwa. Ndikungofuna kuti chinthu chimene munthu sangathe kuchiphonya, monga mayeso kapena msonkhano wovotera, tisachiike dala pa tsiku limene tikudziwa kale kuti ena sadzabwera. Kalasi ukaiphonya umakopera manotsi kwa mnzako. Mayeso sukopera.

a Phiri a makompyuta: Zosavuta izi. Idi imabwerera m'mbuyo masiku 11 chaka chilichonse. Tengani tsiku la chaka chatha, chotsani 11, mwapeza. Kapena tsegulani Google Calendar, muli kale mndandanda wa masiku a zipembedzo, mungoyatsa basi.

Abiti Juma: A Phiri, zoti imabwerera m'mbuyo mwanena zoona, koma mukadalira masamu amenewo mudzaphonya ndi tsiku limodzi, ndipo pa mayeso tsiku limodzilo ndiye nkhani yonse. Chaka chathu chimatsata mwezi wakumwamba, chili ndi masiku 354 kapena 355, ndiye kubwererako nthawi zina ndi masiku 10, nthawi zina 11, mwinanso 12 chaka cha Febuluwale wa masiku 29 chikalowererapo. Koma chachikulu n'chakuti mwezi uliwonse umayamba mwezi watsopano ukaoneka madzulo. Ukaoneka madzulo a tsiku la 29, mawa lake ndi mwezi wina. Ukapanda kuoneka, timakwanitsa masiku 30. Tsiku lomwe lili pa foni yanu ndi lowerengera chabe, ndipo kawirikawiri limatsata kalenda ya ku Saudi Arabia. Kuno timadikira chilengezo cha atsogoleri athu, ndipo si zachilendo kuti tisiyane ndi kumeneko ndi tsiku limodzi.

Tiyeni titenge 2027 yomweyi, mayi Nambewe, muone momwe zimayendera. Ramadani ikuyembekezeka kuyamba Lolemba pa 8 Febuluwale kapena Lachiwiri pa 9. Tikayamba kumanga pa 8, tsiku la 29 ndi 8 Malichi, ndiye Idi idzakhala pa 9 kapena pa 10. Tikayamba pa 9, tsiku la 29 ndi 9 Malichi, Idi pa 10 kapena pa 11. Ndiye lero, muli pa desiki panupo, masiku amene muyenera kuwatchinga ndi atatu: Lachiwiri 9, Lachitatu 10 ndi Lachinayi 11 Malichi. Pa atatuwa, 10 ndi limene likuoneka kwambiri kuti lidzakhala lenilenilo. Ramadani ikangoyamba mu Febuluwale, limodzi mwa atatuwo limachoka lokha, mumatsala ndi awiri. Tsiku lenileni mudzalimva usiku woti mawa ndi Idi, nthawi zina anthu atadya kale chakudya chamadzulo.

Sabata yanu ya 8 mpaka 12 Malichi ndiye yalasidwa pakati penipeni. Mwatsala ndi Lolemba ndi Lachisanu basi.

a Jere: Komatu Idi ndi tchuthi cha boma. Boma likalengeza, aliyense sapita kuntchito. Vuto lili pati?

Abiti Juma: Vuto lili pomwepo bambo. Boma nalonso limadikira mwezi. Tayerekezani mwaika pepala lalikulu Lachitatu m'mawa, holo mwakonza, oyang'anira mayeso mwawauza, mapepala ali mu kabati. Lachiwiri usiku wailesi ikulengeza kuti mawa ndi tchuthi. Amene wasokonezeka si Msilamu yekha, ndi koleji yonse, ndipo mulibe tsiku lina loti musunthireko pepalalo. Ndiye ngakhale koleji imene ilibe Msilamu ndi mmodzi yemwe iyenera kusamala masiku atatu amenewa.

Idi yachiwiri, ya nsembe, ndi yosiyana. Siili pa mndandanda wa matchuthi a boma, ndiye n'chifukwa chake imaiwalika. Koma ili ndi ubwino umodzi kwa okonza kalenda: imagwa pa tsiku la 10 la mwezi wake, choncho mwezi ukangooneka mumadziwa tsiku lenileni kudakali masiku pafupifupi khumi. Mu 2027 ikuyembekezeka pakati pa Lamulungu 16 ndi Lachiwiri 18 Meyi, ndipo Lolemba 17 ndi limene ine ndingalitchinge poyamba.

Nambewe: Zikomo kwambiri Abiti, izi ndiye zimene ndimafuna. Ndiye mayeso a pakati ndiwakokere kutsogolo, pa 1 mpaka 5 Malichi, kapena ndiwakankhire pa 15 mpaka 19?

Abiti Juma: Akankhireni pa 15 mpaka 19. Sabata ya 1 mpaka 5 ili kale ndi tchuthi cha 3 Malichi Lachitatu, komanso ili mkati mwa masiku khumi omaliza a Ramadani, pamene ambiri amachezera kumzikiti usiku. Mwana amagona mochedwa, amadzukanso kusanache kuti adye, kenako tsiku lonse osamwa ngakhale madzi. Ndinayang'anirapo mayeso a 2 koloko masana mu Ramadani, m'holo ya malata yopanda siling'i. Mtsikana wina anali atatsamira dzanja, milomo yauma gwaa, akuwerenga funso limodzi mobwerezabwereza, pamene mnzake wa pambali ali ndi botolo la madzi patebulo. Sanadandaule, ndipo sangadandaule, kusala ndi kwake ndipo amakunyadira. Koma pepala lomwelo likanakhala 8 koloko m'mawa akanalemba ndi mutu wabwino. Ramadani siletsa mayeso, musatseke mwezi wonse ayi. Kungoti mayeso akagwera m'menemo, mapepala olemera aikeni m'mawa.

Bambo Gondwe: Ndilowepo pang'ono. Ine ndakhala mu ofesi yoona za antchito zaka zambiri, poyamba pa kampani ya zamalonda, pano ku bungwe lina la zaumoyo. Chimene chimapha makalenda amenewa ndi kuyamba ndi funso lakuti "chipembedzo chilichonse chili ndi masiku ati?" Mukafunsa choncho mudzalandira mndandanda wautali, kalenda idzadzaza mitundu, ndipo pakatha miyezi iwiri palibe adzaiyang'ananso. Apa a Jere akunena zoona. Funso labwino ndi lakuti: tsiku limeneli limafuna chiyani kwa munthu amene ali pano?

Mukafunsa motero, masiku amadzigawa okha. Pali amene amamutenga munthu tsiku lonse, monga Idi ziwiri zija, Sabata, Lachisanu Loyera ndi Pasaka. Amenewa ife timawapaka zofiira, ndipo pa iwo sipakhala mayeso, mafunso olembera anthu ntchito, kapena msonkhano wopanga chiganizo. Pali amene amangotenga maola ochepa, monga swala ya Lachisanu masana, Misa ya Lachitatu la Phulusa, kapena Chikumbutso cha a Mboni chimene chimachitika dzuwa litalowa. Pamenepa simutseka tsiku, mumangotseka maolawo. Ndiye pali nyengo zimene munthu amabwera kuntchito ndithu koma muyenera kudziwa momwe alili, monga Ramadani ndi Lenti. Zimenezi zimakuuzani nthawi yabwino yoikira zinthu, komanso kuti phwando la nkhomaliro la antchito musalikonze mkati mwa Ramadani, kapena kuphika nyama yokhayokha Lachisanu la mu Lenti.

Mukatero mudzaona kuti masiku ofiira a mkati mwa sabata amene sali kale pa tchuthi cha boma ndi ochepa kwambiri. Pa semesita yanuyi, mayi, ndi masiku awiri oyandikana ndi Idi yoyamba, ndi limodzi kapena awiri a Idi ya nsembe. Basi.

a Jere: Chabwino, koma ndani amene aziweruza kuti ili ndi lofiira, ili ayi? Wina adzabwera kuti kwathu kuli chitsitsimutso sabata yonse. Wina msonkhano wa misasa. Wina ali ndi ulendo wa kwaya.

Bambo Gondwe: Ife tinagwirizana muyeso umodzi: kodi chiphunzitso cha chipembedzocho chimamulamula munthu kusiya ntchito tsiku limenelo, kapena ndi pulogalamu imene mpingo wa pamalopo wakonza? Sabata ndi lamulo kwa amene amalisunga, sangalisunthe. Ulendo wa kwaya ungathe kusuntha, kapena munthu atenge tsiku pa tchuthi chake. Sindikunena kuti muyeso umenewu umathetsa mikangano yonse. Msonkhano wa misasa wa a Sabata ndi msonkhano wachigawo wa a Mboni zimatenga anthu ambiri nthawi imodzi ndipo masiku ake amadziwika kudakali nthawi, ndiye ife timazilemba pa kalenda ngati zongodziwitsa. Ena sanakhutire nazo mpaka lero.

Nachisale: Ine ndine wa Sabata, ndiye ndilankhuleko za ife. Anthu ambiri amaganiza kuti akapewa Loweruka ndiye atithandiza kotheratu. Sabata limayamba Lachisanu dzuwa likamalowa, n'kutha Loweruka dzuwa likamalowa. Ndipo dzuwa sililowa nthawi imodzi chaka chonse. Kuno kummwera mu Januwale limalowa itadutsa 6 koloko, koma mu Meyi ndi Juni limalowa cha m'ma 5:20. Mayeso anu omaliza ali mu Meyi, mayi Nambewe. Pepala la maola atatu loyamba 2 koloko Lachisanu likuyenera kutha 5 koloko, zikuoneka ngati zili bwino. Koma ndi kangati mayeso amayamba pa nthawi yake? Magetsi azima, mapepala achedwa kusindikizidwa, kiyi wa holo ali ndi munthu amene wapita kukadya. Mukayamba 2:30, mutha 5:30. Ndili pa sukulu zinandichitikira. Ndinkalemba diso lina lili pawindo, kuwala kukufiira pa khoma, ndipo ndinapereka pepala funso lomaliza la mamalikisi 20 ndisanaliyambe n'komwe. Palibe amene anandichitira dala. Anangoti Lachisanu ndi Lachisanu.

Komanso munthu amafunika kufika kunyumba Sabata lisanalowe, osati kutuluka m'holo dzuwa lili pa phiri. Ndiye pempho langa n'lakuti chilichonse cha Lachisanu chithe pofika 4 koloko.

Abiti Juma: Apa ndiye Lachisanu lapanikizika mbali zonse ziwiri, achemwali. Abambo achisilamu amafunika kumzikiti masana. Nthawi yeniyeni imasiyana mzikiti ndi mzikiti, koma mukatseka kuyambira 11:30 mpaka 2 koloko mwawerengera ulendo wopita, ulaliki, swala ndi kubwerera. Ndiye masana a Lachisanu mwatsala ndi 2 mpaka 4, maola awiri okha.

Bambo Gondwe: N'chifukwa chake njira yosavuta ndi lamulo limodzi lokhazikika: Lachisanu, mayeso ndi misonkhano yokakamiza zichitike m'mawa, 8 mpaka 11. Masana asiyireni zinthu zimene munthu angathe kuchoka popanda kutaya kanthu. Lamulo limodzi limeneli limathandiza anthu ambiri kuposa masiku onse a zikondwerero mutawaphatikiza, chifukwa Lachisanu limabwera sabata iliyonse. Msonkhano wanu wa aphunzitsi uja ungopita 9 koloko m'mawa, kapena Lachinayi.

Nambewe: Msonkhanowo ndi wosavuta, ndiupititsa Lachinayi masana. Tsopano tiyeni ku Meyi, chifukwa ndawerenga ndipo masamu sakutuluka. Pa 10 mpaka 21 Meyi pali masiku khumi a ntchito. Pa 14 ndi tsiku la Kamuzu, Lachisanu, ndiye atsala asanu ndi anayi. Ndikachotsa 17 ndi 18 atsala asanu ndi awiri: 10, 11, 12, 13, 19, 20 ndi 21. Pa 21 ndi Lachisanu, m'mawa wokha. Holo yaikulu tili nayo imodzi, timalembetsa kawiri pa tsiku, ndipo ndikufunika magawo 16. Masiku asanu ndi limodzi athunthu akundipatsa 12, kuphatikiza m'mawa wa pa 21 ndi 13. Akuchepa atatu.

a Phiri a makompyuta: Ikani Loweruka pa 15, magawo awiri apezeka pomwepo.

Nachisale: A Phiri, mwangowerenga kumene zomwe ndalemba pamwambapa. Kuchotsa mtolo pamutu pa Msilamu n'kuusenzetsa wa Sabata si kuthetsa vuto.

a Phiri a makompyuta: Pepani mayi, ndimaganiza kuti a Sabatawo angathe kulemba Loweruka madzulo dzuwa litalowa. Ndinamva kuti kwina amatero, amawasunga m'chipinda tsiku lonse opanda foni, kenako amalemba pepala lomwelo.

Nachisale: Zimachitika, ndipo pamene palibiretu njira ina, monga mayeso ochokera kunja amene koleji singasinthe tsiku lake, ena amavomera. Koma taganizani: munthu waphonya mapemphero, wakhala m'chipinda kuyambira m'mawa, akuyamba pepala 6 koloko madzulo atatopa, anzake analemba m'mawa mutu uli wozizira. Pakufunikanso woyang'anira wa tsiku lonse ndi usiku, ndi mayendedwe obwerera kunyumba 9 koloko usiku. Imeneyo ndi njira ya pangozi. Pa kalenda imene tikuikonza tokha kudakali miyezi, sitiyenera kuyambira pamenepo.

Bambo Gondwe: Mayi Nambewe, musachotse 17 ndi 18 mofanana. Kumbukirani zimene Abiti anena, kuti Idi ya nsembe imadziwika kudakali masiku pafupifupi khumi. Pa 17 tsekani kotheratu, chifukwa ngakhale Idi itagwa Lamulungu pa 16, ophunzira amene apita kumudzi adzakhala akubwerera Lolemba. Pa 18 ikani mayeso, magawo awiri, koma musindikize pa ndondomeko pomwepo kuti Idi ikagwa pa 18, mapepala amenewa adzalembedwa Lolemba pa 24 Meyi, nthawi zomwezo, holo yomweyo. Mwafika 15. Gawo limodzi lotsala lipezereni chipinda china, pepala la kalasi yaing'ono lilembedwe nthawi imodzi ndi lina. Mwezi udzaoneka cha pa 7 kapena 8 Meyi, mayeso asanayambe, ndiye pofika Lolemba pa 10 mudzakhala mutadziwa ngati tsiku losungira lija likufunika.

Chinsinsi chake n'chakuti tsiku losungiralo lilembedwe kuyambira pachiyambi. Likakhala pa pepala, ophunzira sagula matikiti a basi a pa 22, akukhitchini amawerengera ufa, oyang'anira mayeso sakonza maulendo. Likabwera ngati chilengezo chadzidzidzi, anthu amakwiyira Asilamu pa chinthu chimene ndi vuto la ofesi.

Nambewe: Izi zikumveka. Chovuta n'chakuti tsiku la 24 likutanthauza kuti ogonera pa koleji akhale Loweruka ndi Lamulungu lina, ndipo a zachuma adzafunsa kuti chakudya cha masiku atatu amenewo alipira ndani. Ndikudziwa kale nkhope imene adzandionetse.

a Jere: Ndi zimene ndimanena zija. Pamapeto pake ndi ndalama.

Abiti Juma: Nanga bwanji osayamba mayeso Lachinayi pa 6 Meyi m'malo motalikitsa kumapeto? Pa 6 magawo awiri, pa 7 m'mawa gawo limodzi, ndi atatu aja mukusowa. Pa 17 ndi 18 mutseke onse, tsiku losungira osafunikanso.

Nambewe: Zikudya masiku awiri a sabata yowerengera, ndipo aphunzitsi ena amamalizira silabasi m'sabata imeneyo ngakhale saloledwa. Koma ndalama sizikuonongeka. Ndikapereka njira zonse ziwiri ku komiti, asankhe okha.

Mayi Chirwa: Pepani ndalowa mochedwa. Ine ndimafuna kufunsa, kalenda imeneyi mukasindikiza muikamo mavesi? Chifukwa kwathu kuofesi tinakangana chaka chatha, ena amafuna vesi la m'Baibulo mwezi uliwonse, ena anati ndiye muikenso za m'Kurani. Mpaka kalenda inatuluka mu Malichi.

Bambo Gondwe: Imeneyo ndi kalenda ya pakhoma mayi, nkhani ina. Imene tikukambayi ndi chida cha okonza misonkhano ndi mayeso. Muli tsiku, maola, ndi mawu ochepa onena choyenera kupewa. Mulibe vesi, mulibe chithunzi.

Mayi Chirwa: Oho, ndamva. Koma poti ndabwera, ine ndine Mkatolika. Musaiwale kuti Pasaka nayenso amayendayenda. Mu 2026 anali pa 5 Epulo, mu 2027 ali pa 28 Malichi. Lachitatu la Phulusa ndi pa 10 Febuluwale, Lachisanu Loyera pa 26 Malichi, Lolemba la Pasaka pa 29. Lachinayi Loyera pa 25 si tchuthi, koma Misa yake ndi yamadzulo ndipo anthu amafuna kuweruka msanga, ena amakhala akunyamuka kupita kumudzi.

Bambo Gondwe: Zoona, ndipo ubwino wa Pasaka ndi wakuti ngakhale amayenda pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, amawerengeka zaka zambiri zisanafike, sadikira chilengezo. Phulusa ndi masiku 46 Pasaka asanafike. Sabata imeneyo ya 22 mpaka 26 Malichi muisamale mbali zonse, mayi Nambewe, chifukwa Lolemba pa 22 madzulo ndi Chikumbutso cha a Mboni. Ngati muli ndi makalasi a madzulo, musaike mayeso tsiku limenelo. Ndi chifukwa chinanso chimene 15 mpaka 19 ilili sabata yabwino: Idi yadutsa, Sabata Loyera silinafike.

Mayi Chirwa: Nanga amwenye? Ife abwana athu amatseka sitolo pa Diwali.

Bambo Gondwe: Ngati muli nawo Ahindu pakati pa antchito kapena ophunzira, ikanimo. Diwali imagwa mu Okutobala kapena Novembala, ndiye semesita ya mayi Nambewe siikhudzidwa. Chimodzimodzi a Bahai, amene ali ndi masiku asanu ndi anayi pa chaka osagwira ntchito, limodzi mwa iwo ndi chaka chawo chatsopano pa 20 kapena 21 Malichi. Koma musakopere mndandanda wa dziko lonse lapansi. Kalenda ikhale ya anthu amene muli nawo. Kumene kuli wa Bahai mmodzi, n'kosavuta kugwirizana naye payekha kusiyana ndi kutseka tsiku la koleji yonse.

Nachisale: Pamenepo ndiye pali funso, bambo. Mudziwa bwanji amene muli nawo? Ine sindingakonde kuti pakhale buku mu ofesi lolembedwa kuti uyu ndi wa mpingo wakuti. Mawa wina adzaligwiritsa ntchito posankha woti akwezedwe, kuti uyu sabwera Loweruka, musiyeni.

Bambo Gondwe: Nkhawa yanu ndi yoona. Malamulo a dziko lino, ndime 33, amateteza ufulu wa chipembedzo, ndipo lamulo la zantchito la 2000 limaletsa kusankha munthu chifukwa cha chipembedzo chake, koma tonse tikudziwa kuti tsankho limachitika mwakachetechete. Ife fomu yathu simafunsa dzina kapena mpingo. Imafunsa kuti ndi masiku kapena maola ati amene simungathe kukhalapo chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo kodi ndi tsiku lonse kapena maola. Kuyankha n'kosakakamiza. Timangowerenga kuti tsiku lakuti lakhudza anthu angati. Kenako masikuwo timawatsimikiza ndi anthu a chipembedzocho amene ali pakati pathu, osati kuti ine Mpulezibeteriya ndikhale pansi n'kumaganizira Asilamu kuti chofunika kwa iwo n'chiyani. Dzina limafunika pokhapokha munthu akamapempha kuti iye yekha alembe tsiku lina, ndipo pempholo lifike ndondomeko ya mayeso isanatsekedwe.

Nachisale: Pa koleji zingatheke. Koma mu ofesi ya anthu khumi ndi awiri, pepala lopanda dzina lolembedwa kuti Loweruka aliyense adziwa kuti ndi langa.

Bambo Gondwe: Pamenepo ndilibe yankho lokwanira. Mu ofesi yaing'ono chimateteza munthu ndi khalidwe la abwana, osati fomu.

a Phiri a makompyuta: Ndibwerere ku mbali yanga, mwina apa ndithandizeko. Mukamalowetsa masikuwa pa kompyuta, musasankhe zoti tsiku lizibwereza chaka chilichonse. Zimenezo ndi za masiku osasintha okha, monga Khirisimasi ndi 6 Julayi. Mukatero ndi Idi kapena Pasaka, chaka chamawa kalenda idzakunamizani molimba mtima. Masiku oyendayenda alowetseni pamanja chaka ndi chaka. Ngati mukupanga fayilo ya `.ics`, masiku atatu a Idi aja alembedwa motere:

```
BEGIN:VCALENDAR
VERSION:2.0
PRODID:-//Koleji//Kalenda//NY
BEGIN:VEVENT
UID:idi-2027@koleji
DTSTAMP:20260101T080000Z
SUMMARY:Idi ikuyembekezeka\, osaika mayeso
DTSTART;VALUE=DATE:20270309
DTEND;VALUE=DATE:20270312
STATUS:TENTATIVE
END:VEVENT
END:VCALENDAR
```

Onani kuti `DTEND` ndi 12 osati 11, chifukwa tsiku lomalizalo siliwerengedwa. Mukalemba 11, Lachinayi lidzaoneka lopanda kanthu ndipo wina adzaikapo msonkhano. Chinanso, musatumize fayiloyo kuti aliyense ailowetse mu foni yake, chifukwa mukadzasintha tsiku, zawozo sizisintha. Pangani kalenda imodzi ya koleji, anthu ailumikize. Ngakhale zili choncho, kalenda yolumikizidwa kudzera pa linki imatha kutenga maola ambiri isanaonetse zosintha, ndiye chilengezo cha usiku wa Idi chipite pa WhatsApp ndi pa uthenga wa pafoni, osadalira kalenda.

Abiti Juma: Izi ndiye mwathandiza a Phiri. Ndiwonjezere kuti pakhale munthu mmodzi wodziwika amene adzatumize uthengawo, ndipo zilembedwe kuti koleji idzatsata chilengezo cha tchuthi cha boma. Nthawi zina magulu achisilamu m'dziko momwemuno sagwirizana za kuoneka kwa mwezi, ena amaswali lero, ena mawa. Koleji isalowerere kuti olondola ndani. Masiku onse atatu akakhala opanda mayeso, aliyense waswali tsiku lake popanda kupempha chilolezo.

a Jere: Ine ndikadali ndi nkhawa ya mayeso ochokera kunja kwa koleji, amene tsiku lake sitiika ndife. Kalenda yanu yokongolayo siwakhudza.

Nambewe: Siwakhudza, zoona. Chimene tingathe ndi kulembera bungwe loyendetsa mayesowo msanga, tisanalandire ndondomeko yawo, n'kuwapatsa masikuwa. Akakana, tidzaona za ophunzira okhudzidwawo mmodzimmodzi.

Pakadali pano ndalemba motere. Mayeso a pakati pa 15 mpaka 19 Malichi, Lachisanu pa 19 m'mawa wokha. Pa 9 mpaka 11 Malichi makalasi alipo koma popanda mayeso kapena tsiku lomaliza kupereka ntchito. Pa 22 ndi pa 25 Malichi palibe chokakamiza ikakwana 4 koloko. Msonkhano wa aphunzitsi Lachinayi. Za Meyi ndikupita nazo ku komiti zili ziwiri, kuyamba pa 6 kapena kusunga pa 24. Bambo Gondwe, munganditumizireko mafunso a pa fomu yanu ija? Ndipo Abiti, mzikiti umene ophunzira athu amapitako uli kutali pang'ono ndi koleji, ambiri amayenda wapansi. Kodi 2 koloko ikwana, kapena ndilembe 2:30?

Abiti Juma: Afunseni anyamatawo Lachisanu likubwerali kuti amafika nthawi yanji pa geti, mulembe imeneyo.